Shehe ndi abusa akakhala pa benchi limodzi, wolandira alendo anene chiyani?

Pa maliro a masiku onse sitivutika kudziwa mwini mwambo. Malemu akakhala wa Katolika, Akatolika ndiwo amatsogolera, ena tonse timakhala operekeza. Akakhala Msilamu, timadziwa kuti lero tikumvera shehe, ndipo maliro sachedwa kuikidwa. Aliyense amadziwa pokhala, ndipo palibe amene amadandaula kuti mpingo wake sunapatsidwe mpata, chifukwa maliro n'kulirana.

Koma pali imfa zina zimene zimalowa m'mudzi osafunsa kuti nyumba iyi amapemphera kuti. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa mvula kwa masiku angapo osalekeza m'chigawo cha kummwera. M'bandakucha wa Lolemba pa 13, matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe ndi madera oyandikana nawo mu mzinda wa Blantyre. Ku Chiradzulu, ku Mulanje ndi ku Phalombe midzi ina inakokoloka. Anthu oposa 1,000 anamwalira m'dziko muno, oposa 500,000 anasowa pokhala, ndipo anthu mazanamazana sanapezeke mpaka lero. Mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, a Lazarus Chakwera, analengeza masiku 14 okhuza maliro. Masiku amenewo atatha, makamera atachoka, anatsala ndi chisoni ndi anthu a m'deralo: mayi wa Mvano amene anataya ana, mnansi wake wa kumzikiti amene anataya mkazi, mkulu wa mpingo wa Adventist amene mdzukulu wake sanaoneke.

Anthu otere akagwirizana kuti akumbukire pamodzi amene anawasiya, mwambowo sukhala wa mpingo uliwonse. Choncho munthu woyamba kuimirira, amene wapatsidwa ntchito yonena mawu a malonje, amasenza katundu wolemera kuposa m'mene ambiri amaganizira. M'mphindi zake zochepazo, ndiye amene amauza aliyense ngati pabwalopo ali kwawo kapena wangobwera kudzaonerera za eni ake.

Maganizo anga ndi akuti wolandira alendo ndi mwini bwalo, si mwini guwa. Ntchito yake ndi kunena chimene chinachitika, kutchula amene anapita, kulandira amene abwera, ndi kupereka mpata kwa atsogoleri a zipembedzo. Kunena kumene akufa ali, kapena chifukwa chimene ngoziyo inagwera, si gawo lake. N'chifukwa chake ntchitoyi imamukhala bwino munthu monga nduna ya mfumu, wapampando wa komiti ya chitukuko ya m'mudzi, kapena mphunzitsi wamkulu. M'busa kapena shehe akhoza kuigwira, koma lilime lozolowera kulalikira limavuta kuliletsa, ndipo anthu a mbali inayo amayamba kumva ngati alendo iye asanamalize ndi moni womwe.

Tiyerekeze kuti anthu a m'dera lina la m'munsi mwa Soche anakonza chikumbutso chotere patatha chaka, pa 13 Malichi 2024, pabwalo la mpira. Tsikulo linali Lachitatu, ndipo pamenepo anali ndi mwayi, chifukwa Lachisanu masana Asilamu amakhala kumzikiti, Loweruka ndi Sabata la a Adventist, Lamulungu matchalitchi ambiri amakhala odzaza. Koma chaka chimenecho mwezi wa Ramadani unali utangoyamba kumene sabata yomweyo, ndipo Akatolika ndi a Anglican anali m'nyengo ya Lenti. Wolandira alendo wosadziwa zimenezi akanalengeza mokondwa kuti pomaliza aliyense adye nsima asanapite, osazindikira kuti ena mwa anamfedwa akusala kudya ndi kumwa mpaka dzuwa kulowa. Zotere zimakonzedwa kukadali masiku, pokhala pansi ndi atsogoleri a mbali zonse. Mwambo ukayamba 9 koloko m'mawa n'kutha 12 koloko isanakwane, Asilamu amakapeza swala ya masana popanda kudzuka pakati pa mwambo, ndipo chakudya chikhoza kupakulidwa kuti osala atengere kunyumba.

Mawu enieniwo asapitirire mphindi zisanu. Poyankhula modekha, monga zimayenerera pa chisoni, amenewo ndi mawu pafupifupi 450. Chovuta n'chakuti kwathu kuno theka la nthawi imeneyi limathera pa kupereka ulemu. Ulemuwo sungasiyidwe, pakuti bwalo ndi la mafumu, ndipo woyankhula osawatchula walakwa asanayambe. Koma kutchula munthu aliyense ndi udindo wake, kuyambira bwanamkubwa mpaka mlembi wa komiti, kumasandutsa chikumbutso kukhala msonkhano wa akuluakulu, anamfedwa n'kutchulidwa komalizira ngati oiwalika. Njira yabwino ndi kutchula magulu, ndipo ofedwa abwere pompo pambuyo pa mafumu. Akhoza kuyamba motere:

"Zikomo mafumu, eni nthaka ino, potilola kusonkhana pano. Inu anamfedwa, amayi ndi abambo, agogo ndi ana, amene mwakhala kutsogolo kuno, mwambo uno ndi wanu. Ife tonse tabwera kudzakhala nanu. Mashehe athu, ansembe, abusa ndi akulu a mipingo, akuluakulu osunga miyambo ya makolo, nthumwi za boma ndi mabungwe, ndi inu nonse anansi amene mwasiya ntchito zanu lero, takulandirani."

Taonani kuti mashehe sanaikidwe kumapeto ndi mawu akuti "komanso anzathu ena". Kalembera wa 2018 anasonyeza kuti Asilamu ndi pafupifupi 14 mwa anthu 100 alionse m'Malawi, chiwerengero choyandikana ndi cha a CCAP, ndipo m'maboma monga Mangochi ndi Machinga iwo ndiwo ochuluka. Koma ngakhale pabwalo pakanakhala banja limodzi lokha la Chisilamu, nalonso linaika maliro. Ndi bwinonso kukumbukira kuti Asilamu sali gulu limodzi, monga Akhristu sali mpingo umodzi. M'bungwe la Public Affairs Committee, limene lakhala likusonkhanitsa zipembedzo kuyambira 1992, muli Muslim Association of Malawi komanso Quadria Muslim Association of Malawi. Ngati m'dera muli mizikiti ya mbali ziwirizi, kuitana shehe mmodzi n'kuganiza kuti onse aimiridwa ndi kulakwitsa kumene wolandira alendo amadzakuzindikira mochedwa, ataona mipando yopanda anthu.

Pambuyo pa ulemu pamabwera gawo limene ambiri amalithawa: kunena chimene chinachitika. Timakonda kuzungulira ndi mawu akuti "zovuta zimene zinatigwera zija", poopa kutsegula bala. Koma anamfedwa sanaiwale, ndipo woyankhula akamazemba, iwo amamva ngati imfa ya anthu awo ndi chinthu chochititsa manyazi. Anene mwachidule, moona, popanda kufotokoza za maonekedwe a mitembo kapena kulira kwa usiku umenewo:

"Chaka chapitacho, tsiku ngati lalero, kusanache, phiri linatsika ndi madzi n'kulowa m'nyumba zathu. Tinataya makolo, ana, abale ndi anansi. Ena tinawapeza, tinawaika m'manda. Ena tinawafunafuna ndi makasu ndi manja athu, sitinawapeze. Onsewo ndi athu, ndipo lero tiwatchula mayina."

Chiganizo cha amene sanapezeke chisasowe. Banja limene linaika maliro lili ndi manda okalambula. Banja limene silinapeze thupi lilibe poima, ndipo mwina chikumbutso ichi ndicho mwambo wokhawo umene lidzakhale nawo. Komabe pali mabanja ena amene safuna kuti m'bale wawo atchulidwe kuti malemu, chifukwa mtima sunavomereze. Wolandira alendo sangagamule zimenezi yekha pabwalo. Komiti ifunse banja lililonse kukadali nthawi, kudzera kwa mwini mbumba kapena amene akuyang'anira banjalo, ngati likufuna kuti dzina liwerengedwe ndiponso liwerengedwe pa mndandanda uti.

Tsopano tafika pamene ambiri amapunthwa, ndipo amapunthwa chifukwa cha mtima wabwino. Pofuna kutonthoza, munthu amangopezeka wanena kuti "abale athuwa ali kumwamba tsopano, akutiyang'ana", kapena "akupuma m'manja mwa Yesu". M'tchalitchi chake mawu amenewa ndi mankhwala. Pabwalo la onse, amagawa anthu. Mkatolika amapempherera mizimu ya akufa, ndipo ali ndi tsiku lake la zimenezi, pa 2 Novembala. Wa CCAP sapempherera wakufa. Mapemphero ake ndi a otsala. Wa Adventist amakhulupirira kuti akufa ali m'tulo, sadziwa kanthu kufikira tsiku la kuuka, kotero kumuuza kuti mdzukulu wake akumuyang'ana ndi kumuuza chinthu chimene mpingo wake umakana. Msilamu amapempha Allah kuti akhululukire malemu ndi kumuchitira chifundo, ndipo ena amachita sadaka pakapita masiku 40 pamene ena amati mwambo umenewo mulibe m'chipembedzo. Wosunga za makolo amadziwa kuti womwalira walowa m'gulu la mizimu yoyang'anira mbumba. Onsewa akhala pabwalo limodzi, ndipo aliyense chikhulupiriro chakecho ndicho chamugwira kuti asagwe chaka chonsechi. Woyankhula alibe ufulu wosankhira onse chimodzi.

Nanga mawu aja timawamva pa maliro alionse, akuti mizimu yawo iuse mumtendere? Anazolowereka kwambiri moti ambiri amawamva ngati ulemu chabe, ndipo sindiganiza kuti alipo angachoke pabwalo chifukwa cha iwo. Komabe amene akufuna kuyenda mosamala akhoza kunena kuti "tikuwakumbukira, sitidzawaiwala", pakuti limeneli ndi lonjezo la amoyo, ndipo aliyense pabwalopo angathe kulivomereza ndi mtima wonse.

Chimodzimodzi ndi funso lakuti chifukwa chiyani. Freddy atadutsa, mayankho anali ambiri m'maminibasi ndi m'misika. Ena anati ndi chilango cha Mulungu pa machimo a dziko. Ena anakumbukira Napolo, amene makolo amati amasamuka m'phiri kupita kunyanja akugumula zonse m'njira, monga anthu ananenera za ku Zomba mu 1946 ndi ku Phalombe mu 1991. Ena analoza mitengo imene inatha m'mapiri ndi nyumba zimene zinamangidwa m'malo otsetsereka. Nkhani ya mitengo ndi malo omangapo ndi yoona, ndipo iyenera kukambidwa mwamphamvu ku khonsolo ndi pabwalo la mfumu. Koma kuinena m'mawu a malonje, pamaso pa bambo amene anamanga m'phirimo chifukwa ndi mokhamo mmene ndalama zake zinafika, n'kumuuza kuti anapha yekha ana ake. Ndipo kunena kuti chinali chilango n'koipa koposa. Ngakhale mawu ofatsa akuti "chinali chifuniro cha Mulungu" ndi bwino kuwasiyira shehe ndi abusa, amene adziwa kuwanena m'njira imene anthu awo amaimva.

Pali yesero linanso, looneka lokoma kwambiri, lonena kuti "pajatu tonse timapembedza Mulungu mmodzi, kusiyana n'mayina chabe". Ena pabwalo adzagwedeza mutu kuvomereza, koma alipo Akhristu ndi Asilamu odzipereka amene sangavomereze, ndipo adzamva kuti kubwera kwawo kwatanthauziridwa molakwa. Umodzi umene uli pabwalopo suchita kufunika chiphunzitso chatsopano. Ulipo kale, ndipo ndi wooneka ndi maso: anthuwa anakumba matope pamodzi, anagona m'makalasi a sukulu imodzi, anagawana ufa. Wolandira alendo akanena zimenezo wanena zoona zimene palibe angatsutse. Dzina lakuti Mulungu kapena Namalenga likhoza kutchulidwa popanda vuto, chifukwa Akhristu, Asilamu ndi a za makolo onse amalitchula akamayankhula Chichewa, koma asapitirire pamenepo.

Mu Okutobala 1986, Papa Yohane Paulo Wachiwiri ataitana atsogoleri a zipembedzo zosiyanasiyana ku Assisi, m'dziko la Italy, kuti apempherere mtendere, anasamala kusiyanitsa zinthu ziwiri: kupemphera pemphero limodzi, ndi kukhala malo amodzi aliyense n'kupemphera monga mwa chikhulupiriro chake. Anasankha chachiwiricho. Nzeru yomweyo ndiyo imapulumutsa mwambo wa pamudzi. M'busa asapemphedwe kuti asiye dzina la Yesu, shehe asapemphedwe kuti asiye Chiarabu. Pemphero losungunulidwa kuti likomere onse silitonthoza aliyense. Chofunika n'chakuti wolandira alendo afotokozeretu dongosolo, kuti pasakhale womva ngati wakakamizidwa:

"Pano tili anthu a zikhulupiriro zosiyana, ndipo sitinabwere kudzasinthana. Usiku uja, amene anakukokani m'matope sanakufunseni kumene mumapemphera. Lero mtsogoleri aliyense apemphera monga apempherera kwawo. Likakhala pemphero lanu, livomerezeni momasuka. Likakhala la mnansi wanu, khalani naye mwaulemu, monga iye akhalire nanu nthawi yanu ikafika. Amene simupemphera ndi gulu lililonse, malo ano ndi anunso."

Chiganizo chomalizacho chili ndi ntchito. Pali anthu amene sali mu mpingo uliwonse. Palinso a Mboni za Yehova, amene sachita nawo mapemphero ophatikiza zipembedzo. Banja lotere likhoza kubwera kudzamva dzina la m'bale wawo n'kuima chapatali nthawi ya mapemphero, kapena osabwera n'komwe. Zonsezo zisatengedwe ngati mwano, ndipo dzina la m'bale wawo liwerengedwe ngati iwo avomera.

Tizinthu ting'onoting'ono ta pakamwa timavulazanso. Tinazolowera kunena kuti "tiyeni tiimirire, abambo tivule zipewa, titsinzine". Koma Msilamu amapemphera atavala kofiya wake, ndipo kumuuza kuti avule n'kumuchotsa ulemu m'malo momupatsa. Kuuza anthu kuti agwirane manja ndi amene ayandikana naye kumaika pa mpanipani amayi ndi abambo amene chipembedzo chawo sichilola kugwirana dzanja ndi munthu amene si mnzawo wa chikazi kapena wa chimuna. Kungoti "tikhale chete kwa mphindi imodzi, aliyense monga mwa mwambo wake" kumakwanira. Za nsalu ndi malaya a zipani, komiti ikambirane ndi aphungu ndi makhansala tsiku lisanafike. Wolandira alendo asadzudzule munthu pa chinkuzamawu, koma asatchulenso chipani kapena kuthokoza wandale chifukwa cha matumba a ufa. Kuthokoza opereka thandizo kuli ndi nthawi yake kumapeto kwa mwambo.

Woyankhula angadziwe bwanji kuti zayamba kupotoka iye akadali chiimire? Bwalo limauza. "Ameni" akamachokera mbali imodzi yokha, mbali inayo ili zii, ndiye kuti walowa m'guwa la eni ake. Anthu akayamba kuwomba m'manja kapena kuimba nthungululu, ndiye kuti mawu ake asanduka a pamsonkhano. Akuluakulu a pamipando akamamwetulira pamene anamfedwa awerama, ndiye kuti akuyankhula ndi olakwika. Zikatero palibe chifukwa chopepesa kapena kufotokoza. Angodumpha zotsalazo n'kupita pa dongosolo la mwambo.

Dongosololo alinene mwachidule: kuti mayina awerengedwa poyamba, kenaka mapemphero motsatana, kenaka mawu a oimira mabanja ndi a mfumu, ndiponso nthawi imene mwambo uthere. Mndandanda wa opemphera ukhale wogwirizana kale, ndi mphindi zofanana kwa aliyense, chifukwa m'busa akatenga mphindi 20 ndi kwaya yake, shehe n'kupatsidwa zitatu, zonse zimene zanenedwa m'mawu a malonje zimasanduka bodza. Anenenso kumene kuli madzi ndi mthunzi wa okalamba, ndi kuti pali amayi ndi abambo amene akhala pambali kuthandiza amene chisoni chawakulira. Atsirize popereka mpata, osati ndi mwambi kapena vesi:

"Amene mukufuna kulira, lirani, pano ndi pamaliro. Tsopano ndipempha amene asankhidwa kuti abwere atiwerengere mayina."

Kawirikawiri wolandira alendoyo amakhala kuti nayenso anataya wake, ndipo mawu akhoza kumuthera pakhosi. Zimenezo si kulephera. Aime, apume, ndipo pafupi naye pakhale mnzake amene ali ndi pepala lomwelo, woti n'kupitiriza ngati iye sangathe. Mawuwo alembedwe ndithu, ngakhale munthuyo ali katswiri woyankhula pagulu, chifukwa mawu ogawa anthu aja amatuluka pamene munthu akuyankhula za m'mutu.

Za mayina, ndi bwino kuti asawerengedwe motsata zipembedzo, Akhristu paokha Asilamu paokha. Awerengedwe banja ndi banja, kapena motsata mmene nyumba zinaliri m'mudzi, ndipo owerenga akhale awiri kapena atatu ochokera mbali zosiyana, amene ayeserera katchulidwe ka dzina lililonse, la Chiyao, la Chilomwe, la Chiarabu kapena la Chingerezi. Pa ngozi yaikulu ngati ya Freddy mndandanda umavuta kukwanira, chifukwa m'madera a m'tauni munali alendi amene anansi ankangowadziwa ndi dzina la mwana, ndi alendo amene anangogona usiku umodzi. Choncho wolandira alendo anene asanakhale pansi kuti owerenga akamaliza padzakhala mpata woti aliyense amene dzina la m'bale wake silinamveke aimirire n'kulitchula yekha, ndipo mlembi wa komiti akhale chire ndi cholembera kuti aliwonjezere pa mndandanda wa chaka chamawa.